"Koma msonkho anandidula kale": zoyenera kuchita MRA ikati muli ndi ngongole

Mlamu wanga amakonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'zipinda. Ali ndi kashopu kake, mnyamata mmodzi womuthandiza, ndi foni yosakhala chete nyengo yotentha. Tsiku lina bungwe lina linafuna kumupatsa ntchito yosamalira makina ake kwa chaka chonse, koma linati ayambe wabweretsa chiphaso chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, chimene pa makalata a MRA chimalembedwa Tax Clearance Certificate. Anapita ali ndi chikhulupiriro chonse, nabwerako nkhope ili gwa. Anafika kwathu madzulo atanyamula jumbo yodzaza mapepala.

"Alamu, tandithandizeni. Ine ntchito iliyonse ya m'maofesi amandidula 20 peresenti ndisanaione n'komwe ndalamayo. Ndiye ngongole ikuchokera kuti?"

Ndakhala ndikulembera anthu a mabizinesi ang'onoang'ono mabuku kwa zaka zambiri, ndipo funso limeneli ndalimva kwa ojambula zithunzi, ophika pa misonkhano, omasulira zikalata ndi okonza makompyuta. Nthawi zambiri munthuyo sanabe msonkho. Chimene chachitika n'choti zimene iye akudziwa m'mutu mwake sizikugwirizana ndi zimene zikuoneka pa nambala yake ya msonkho, TPIN, ndipo mapepala oti agwirizanitse ziwirizi alibe. Pali malo angapo pamene ulusi umadukira, ndipo ndi bwino kuwayendera motsatana, chifukwa kuthamangira kukalipira musanadziwe gwero n'kumene kumalipiritsa anthu kawiri.

Ndalama imene anakudulani ndi chikole chabe

Kampani, bungwe kapena ofesi ya boma ikamalipira munthu wodzilemba yekha ntchito, lamulo limaiuza kuti idule gawo la ndalamayo n'kulipereka ku MRA m'dzina la munthuyo. Uwu ndiye msonkho wodula, Withholding Tax. Pa ntchito ya luso ngati ya mlamu wanga amadula 20 peresenti. Pa katundu wogulitsa ku mabungwe, pa ntchito za zomangamanga ndi pa mtengatenga amadula yocheperapo. Wodulayo amayenera kupereka ndalamayo pasanathe masiku 14 mwezi umene anadulawo utatha, komanso kukupatsani satifiketi yosonyeza zimene wadula.

Chimene ambiri sadziwa n'choti kwa munthu wa bizinesi, ndalama imeneyi si mapeto a nkhani. Ili ngati chikole chimene mwasiya mukudikira kuti chaka chithe muwerengerane bwinobwino. Msonkho weniweni umawerengedwa pa phindu la chaka chonse, kuphatikizapo ndalama zimene munalandira pamanja kwa anthu wamba, omwe sadula kalikonse. Kuwerengerana kumeneku kumachitika mukapereka fomu ya pachaka, imene ambiri timangoti ritani. Mukapanda kuipereka, a MRA amaona chinthu chimodzi chokha: mabungwe akunena kuti anakulipirani mamiliyoni, inu muli chete. Lamulo limawalola kukuyerekezerani msonkho okha, ndipo woyerekeza sadziwa kuti munagula gasi, munalipira lendi, munakwera minibasi.

Choncho chinthu choyamba kufufuza n'chimenechi. Lowani mu Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, kapena pitani ku ofesi ya MRA imene munalembetsera, mufunse zinthu ziwiri: mitundu ya msonkho imene TPIN yanu inalembetsedwa, ndi maritani amene akuoneka kuti sanaperekedwe. Mlamu wanga anapezeka kuti chitengereni TPIN sanaperekepo ritani ngakhale imodzi. Iye ankaganiza kuti TPIN ndi nambala yongolemba pa invoisi kuti ntchito ipezeke.

Apa ndionjezepo pang'ono. Pali msonkho wina wa mabizinesi ang'ono kwambiri, Presumptive Tax, umene munthu amalipira ndalama yoikika malinga ndi kukula kwa malonda ake, osawerengera phindu. Unakhazikitsidwira amene malonda awo a pachaka sapitirira K12.5 miliyoni. Ngati munalembetsedwa kumeneko, zambiri zimene ndikufotokoza pano za kuchotsera ndalama zolowa mu bizinesi sizikukhudzani mofanana. N'chifukwa chake muyenera kudziwa kaye gulu lanu. Malonda a mlamu wanga anali atapitirira malire amenewo.

Titayala mapepala patebulo

Tinatenga chaka chimodzi, kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 31 Malichi, n'kuyamba kuwerenga. Ndalama zonse zimene zinalowa zinali K14,000,000. Mwa izi, K6,000,000 inachokera ku mabungwe atatu, omwe anadula 20 peresenti, kutanthauza K1,200,000. Yotsalayo, K8,000,000, inachokera kwa eni magolosale, mabutchala ndi anthu m'makomo, ina pamanja ina pa foni.

Kenako tinaona zimene zinatuluka. Gasi wa mafiriji, makompuresa ndi masipeya ena anadya K3,800,000. Lendi ya shopu inali K80,000 pa mwezi, pa chaka K960,000. Mnyamata womuthandiza ankalandira K90,000 pa mwezi, pa chaka K1,080,000. Mayendedwe K720,000, magetsi ndi mayunitsi a foni K240,000. Zonse pamodzi K6,800,000. Phindu lake lenileni linali K7,200,000.

Kuti masamu asativute, tiyerekeze kuti K1,800,000 yoyambirira pa chaka sikhomedwa msonkho, ndipo yotsala ikhomedwa 30 peresenti. Nambala ya K1,800,000 ndaitenga pa malire a K150,000 pa mwezi amene anayamba mu Epulo 2024, koma milingo imeneyi imasintha ndi bajeti, ndiye ya chaka chanu muitenge ku MRA. Pa chitsanzo chathu, tikachotsa K1,800,000 pa K7,200,000 patsala K5,400,000, ndipo 30 peresenti yake ndi K1,620,000. Tikachotsa K1,200,000 imene mabungwe anadula kale, ngongole yake yeniyeni ndi K420,000. Ndi ndalama ndithu, koma si yogwetsa munthu.

Vuto linali m'jumbo muja. Masatifiketi a msonkho wodula analipo a mabungwe awiri okha, okwana K800,000. Malisiti owerengeka ndi umboni wina wogwirika unali wa K4,300,000 yokha. K2,500,000 inalibe pogwira. Ndiye tiwerengenso monga mmene munthu wosamudziwa angawerengere, poona mapepala okha. Phindu likukwera kufika K9,700,000. Tikachotsa K1,800,000 patsala K7,900,000, msonkho wake K2,370,000. Tikachotsa K800,000 ya masatifiketi amene alipo, ngongole ndi K1,570,000, chindapusa tisanachiikepo n'komwe.

Ntchito ndi yomweyo, chaka ndi chomwecho, koma kusiyana kwake ndi K1,150,000. Mwa iyo, K400,000 yatayika ndi satifiketi imodzi, ndipo K750,000 yatayika ndi malisiti. Mlamu wanga anayang'ana nambala ziwirizo kwa nthawi, kenako anati, "Ndiye kuti lisiti la K100,000 ndikalitaya ndataya K30,000?" Ndi mmenemo ndithu.

Anadula, koma pa TPIN yanu sizikuoneka

Ili ndi vuto lopweteka chifukwa wolakwa si inu, koma wovutika ndinu. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaphatikiza zimene mabungwe anakudulani, n'kuyerekeza ndi zimene zikuoneka ku MRA m'dzina lanu, nambala sizikufanana.

Zifukwa zimene ndakumana nazo ndi zitatu. Nthawi zina bungwe linapereka ndalamayo koma wolemba anaphonya nambala imodzi ya TPIN, kapena anasiya malowo opanda kanthu chifukwa pa invoisi yanu panalibe TPIN. Nthawi zina ndalama inaperekedwa m'dzina lina, monga pamene cheke chinalembedwa m'dzina la mkazi wanu kapena la mnzanu amene munabwereka akaunti yake. Ndipo nthawi zina, tinene zoona, bungwe linadula ndalamayo n'kuigwiritsa ntchito zina, osaipereka.

Kuti mudziwe kuti ndi chiti mwa zitatuzi, pitani kwa akauntanti wa bungwelo mutanyamula invoisi yanu ndi umboni wa ndalama imene inalowa, monga sitetimenti ya ku banki. Ngati invoisi ikuti K500,000 ndipo ku banki kunalowa K400,000, palibe angatsutse kuti K100,000 inadulidwa. Pemphani satifiketi, ndipo mukailandira musangoipinda. Onani dzina, TPIN, mwezi ndi ndalama. Ngati TPIN ndi yolakwika, amene ayenera kukakonzetsa ndi wodulayo, chifukwa ritani imene ili ndi cholakwikacho ndi yake. Akamazengereza, lembani kalata, musunge kope lake lodindidwa kuti alandira. Akakana ndithu, tengani invoisi, sitetimenti ndi kalatayo mukaonetse ku MRA; wodula msonkho amene sanaupereke ali ndi mlandu wake payekha, ndipo ambiri akangomva kuti nkhani ikupita kumeneko satifiketi imapezeka.

Kwa mlamu wanga chinali chifukwa choyamba. Malo ena ogona alendo anamudula K400,000 pa ntchito ya K2,000,000, koma wolemba wawo anatembenuza manambala awiri. Zinatenga maulendo atatu, chifukwa amene analemba uja anali atasiya ntchito ndipo watsopanoyo anayenera kufukula mafayilo a chaka chatha. Akanapempha satifiketi mwezi womwewo, inali nkhani ya mphindi khumi. Lamulo limene ndinamupatsa ndi loti ntchito isamatengedwe kuti yatha mpaka satifiketi italowa m'fayilo, ndipo aziifunsa mwezi wotsatira ukangopitirira pa 14.

Palinso kanthu kena pa kalembedwe ka invoisi. Iye ankalemba mzere umodzi: "Kukonza firiji, K900,000", pamene K600,000 mwa iyo inali kompuresa imene anagula ndi ndalama zake. Akauntanti amadula pa zimene waona, ndiye 20 peresenti inkagwera pa ndalama yonse. Ndalamayo sitayika, imadzawerengedwa pa ritani, koma imakhala itachoka m'manja mwanu miyezi yambiri pamene mukufuna mpamba. Lembani katundu payekha, ntchito ya manja payokha, ndipo mufunse wolipirayo mmene adulire musanayambe ntchito. Amene mbiri yawo ya msonkho ili bwino amathanso kupempha ku MRA chiphaso choti asamadulidwe, Withholding Tax Exemption Certificate, koma chimenechi sichiperekedwa kwa munthu amene maritani ake ali m'mbuyo.

Malisiti alipo koma sakuthandiza

Apa m'pamene tinatha nthawi yaitali. Titakhuthula jumbo ija, pafupifupi theka la timapepala tinali toyera ngati sitinalembedwepo. Malisiti otuluka m'timakina ta m'masitolo ndi m'malo omwetsera mafuta sasindikizidwa ndi inki. Pepalalo limada ndi kutentha, ndipo kutentha komweko, dzuwa ndi thukuta zimafufuta zolembedwazo. Lisiti limene lakhala m'thumba la ovolosi kapena padashibodi miyezi itatu ndi pepala wamba. Ena poyesa kuteteza amalimata ndi selotepi kapena kulikutira ndi makina otentha a pulasitiki, osadziwa kuti akulimaliza. Mankhwala ake ndi kulijambula ndi foni tsiku lomwelo, n'kutumiza chithunzicho kumalo ena kuti foni ikabedwa chisapite nayo. Malisiti aakulu muwachite fotokope, mumange pamodzi ndi lenilenilo.

Lisiti lothandiza limayankha mafunso asanu: wagulitsa ndani, liti, chiyani, ndalama zingati, ndipo wagula ndani. Kapepala kongolembedwa "masipeya K250,000" kopanda dzina la sitolo n'kofooka. Mukamagula ku sitolo yolembetsedwa, pemphani lisiti la msonkho lokhala ndi TPIN yawo, ndipo pa katundu wodula muwauze alembepo dzina lanu kapena la bizinesi. Wogulitsa akakuuzani kuti "opanda lisiti ndikuchotserani pang'ono", werengani kaye. Akuchotserani K10,000 pa katundu wa K200,000, inu mudzataya K60,000 pa msonkho.

Nanga zogula pamsika? Kompuresa yogwiritsidwapo kale ntchito yogula mumsika wa Ndirande kapena ku Limbe ilibe lisiti, ndipo kondakitala wa minibasi ngakhale wakabaza simungamufunse chidindo. Apa njira ndi ziwiri. Yoyamba, lipirani pa foni ngati n'kotheka, chifukwa uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umasunga tsiku, ndalama ndi dzina la wolandira, ndipo sitetimenti yake itha kupemphedwa. Yachiwiri, gulani kabuku ka mavocha, muzilemba nokha tsiku, chimene mwagula, ntchito imene chikukagwira, ndipo wogulitsayo asayine. Vocha yodzilembera nokha siilingana mphamvu ndi lisiti, ndipo wofufuza mabuku atha kuikayikira. Koma vocha imene ikugwirizana ndi uthenga wa pa foni komanso ndi invoisi ya ntchito ya sabata yomweyo ndi yovuta kuikana. Za mayendedwe, kabuku kolemba tsiku lililonse, kuchokera kuti kupita kuti, kwa kasitomala uti, kamakhulupirika kuposa nambala yongoponya kumapeto kwa chaka. Chimene sindilola n'kukhala pansi usiku umodzi kulemba mavocha a chaka chonse ndi bolopeni imodzi. Zimaoneka, ndipo zimasandutsa vuto la kusasamala kukhala mlandu wa chinyengo.

Malipiro a mnyamata uja a miyezi ina analibenso umboni uliwonse, chifukwa ankangomupatsa pamanja. Kope la sukulu lokhala ndi mzere umodzi pa mwezi, wolandira n'kusayina, likanateteza K1,080,000. Lendi nayo chimodzimodzi: eni nyumba ambiri alibe malisiti, ndiye gulani buku lanu, azisayina momwemo.

Palinso malisiti abwinobwino amene sawerengedwa. Lamulo limalola kuchotsera ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito popanga ndalama za bizinesiyo basi. Fizi ya ana, thumba la chimanga, chopereka cha pa maliro ndi lendi ya nyumba yogona n'zanu, si za bizinesi, ngakhale zitatuluka m'thumba lomwelo. Mlamu wanga anali ndi nambala imodzi ya foni yolandirira makasitomala, yotumizira mayi ake kumudzi ndi yolipirira magetsi a kunyumba. Kulekanitsa zimenezi kunatitengera masiku awiri. Choopsa china n'choti ndalama imene mchimwene wanu wa ku Joni wakutumizirani ikalowa mu akaunti ya bizinesi, imaoneka ngati malonda mpaka mutapereka umboni. Tengani nambala ina kapena akaunti ina ya bizinesi yokha, ndipo mukafuna ya pakhomo muzisamutsa kamodzi pa sabata.

Anali atagulanso njinga yamoto chaka chomwecho, ndipo ankafuna kuichotsera yonse. Zinthu zokhalitsa ngati njinga, jenereta kapena makina owotcherera sizichotsedwa nthawi imodzi ngati gasi. Lamulo limalola kuchotsera gawo lake chaka ndi chaka, choncho lisiti lake lidzafunika kwa zaka zingapo. Mapepala onse a msonkho amayenera kusungidwa zaka zosachepera 6. Ine ndimauza anthu kuti asunge 7, envulopu imodzi mwezi uliwonse, chaka chilichonse m'katoni yake, pamwamba pomwe chiswe ndi madzi a mvula sizifika.

Mwa K2,500,000 ija tinapulumutsa pafupifupi K1,900,000. Masitolo awiri a masipeya anatisindikizira makope a malisiti kuchokera m'mabuku awo, mwini shopu anasayina kuti analandira lendi, ndipo sitetimenti ya pa foni inaonetsa zina. Yotsalayo tinaisiya, sitinaiike pa ritani.

Munalipira, koma chindapusa chabwerabe

Munthu wa bizinesi sadikira kuti chaka chithe kuti alipire. Pali msonkho wolipiriratu, Provisional Tax, umene umaperekedwa miyezi itatu iliyonse, pasanathe masiku 25 chigawocho chitatha. Ngati chaka cha mabuku anu chimatha pa 31 Malichi, monga mmene chaka cha boma chakhalira kuyambira 2022, masiku ake ndi 25 Julayi, 25 Okutobala, 25 Januwale ndi 25 Epulo. Ngati chaka chanu chimatha mwezi wina, masikuwo amasunthanso, choncho funsani tsiku limene linalembedwa pa TPIN yanu. Ritani ya pachaka, pamodzi ndi msonkho wotsala, imafunika pasanathe masiku 180 chaka chitatha. Anthu amangoti "kumapeto kwa Seputembala", koma mukawerenga pa kalendala kuchokera pa 31 Malichi, tsiku la 180 ndi 27 Seputembala. Ine ndimagwira limenelo.

Msampha uli pa 90 peresenti. Zimene mwalipiriratu m'chakamo ziyenera kufika 90 peresenti ya msonkho weniweni. Zikachepera, pamabwera chindapusa pa gawo loperewera, ngakhale mutadzalipira yonse pa nthawi ya ritani. Pa masamu athu aja, msonkho unali K1,620,000, ndiye 90 peresenti ndi K1,458,000. Mabungwe anali atadula K1,200,000, kutanthauza kuti panaperewera K258,000. Akanamalipira K105,000 chigawo chilichonse, akanafika pa ritani alibe ngongole iliyonse.

Chovuta n'choti ntchito yake siyenda mofanana. Juni ndi Julayi mafiriji sawonongeka kwambiri, Okutobala ndi Novembala foni sipuma. Amene amangogawa msonkho wa chaka chatha panayi amapezeka ataperewera chaka chimene bizinesi yakula. Njira yabwino ndi kuwerenga phindu kuyambira pa 1 Epulo mpaka pamene mwafika, chigawo chilichonse, n'kulipira kusiyana kwake. Chigawo chomaliza, cha pa 25 Epulo, ndicho mpata wanu wotseka dzenje, chifukwa pamenepo chaka chatha ndipo manambala onse muli nawo. Ndipo kuti tsikulo lisakupezeni muli manja lende, ndalama iliyonse ya pamanja ikalowa, patulani gawo lake tsiku lomwelo. Kwa iye tinagwirizana 10 peresenti ya ndalama zosadulidwa msonkho, yosungidwa mu akaunti yopanda khadi.

Nthawi zina munthu amalipiradi pa nthawi yake, koma ndalama imagwera pa malo olakwika. Polipira kudzera mu Msonkho Online mumatenga nambala yolipirira, PRN, ndipo nambalayo imamangidwa ku mtundu wa msonkho ndi nyengo imene mwasankha. Mukasankha chaka cholakwika kapena mtundu wina wa msonkho, banki ilandira ndalamayo bwinobwino, koma pa TPIN yanu padzaoneka ndalama yapamwamba mbali ina ndi ngongole mbali ina, ndipo chiwongoladzanja chizikwera pa ngongoleyo. Mukaona ngongole yofanana ndendende ndi ndalama imene mukukumbukira kuti munalipira, ganizirani chimenechi. Musalipirenso. Tengani silipi ya ku banki ndi PRN, mulembe kalata yopempha kuti ndalamayo isamutsidwe kupita pa malo oyenera. Komanso musamadikire tsiku lomaliza. Netiweki ikagwa pa 25 madzulo, kapena mzere wa ku banki ukakutherani, tsiku lochedwa ndi lanu.

Kulibe ndalama, kapena bizinesi inaima

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi ichi: munthu alibe ndalama yolipira, ndiye sapereka ritani, poganiza kuti akaipereka adziulula. Kuchedwa kupereka ritani ndi kuchedwa kulipira ndi milandu iwiri yosiyana, uliwonse ndi chilango chake. Perekani ritani pa nthawi yake ngakhale m'thumba mulibe kanthu, kenako mulembe kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono, mutchule ndalama imene mungakwanitsedi pa mwezi. Chiwongoladzanja chimapitirira, koma mwapewa chilango chimodzi, ndipo mwakhala munthu amene akukambirana. Wongokhala chete atha kudzidzimuka banki yake italamulidwa kupereka ndalama za mu akaunti yake ku MRA, pakuti lamulo limalola zimenezo.

Chimodzimodzi bizinesi ikaima. TPIN sidziwa kuti munadwala, munapita ku Joni kapena munalembedwa ntchito. Maritani amayembekezekabe. Ngati simunapange kanthu, perekani ritani yosonyeza ziro, ndipo ngati mwatsekeratu, adziwitseni ndi kalata.

Mukalandira kalata ya msonkho umene mukuona kuti ndi wolakwika, onani deti lake musanaone china chilichonse. Muli ndi masiku 30 oti mulembe kalata yotsutsa kwa mkulu wa MRA, yofotokoza chimene chalakwika, mutamangirira umboni. Kukadandaula pakamwa pa kauntala sikuimitsa masikuwo. Ndipo kalata yongoti "msonkhowu wachuluka" sipita patali. Yofunika ndi yonena kuti satifiketi yakutiyakuti ya K400,000 sinawerengedwe, kope lake ndi ili.

Mlamu wanga anapereka maritani onse otsalira, satifiketi ija inakonzedwa, ndipo pa chaka chimene tawerengachi msonkho wotsala unafika K600,000, chifukwa K600,000 ya zogula imene inasowa umboni inaonjezera K180,000 pa K420,000 ija. Chindapusa chinabwera pamwamba pake, ndipo anapempha kulipira m'miyezi inayi. Ntchito ya chaka chonse ija inapita kwa wina, chifukwa bungwelo silikanadikira. Pakhoma la shopu yake pano pali msomali wobayapo malisiti a tsikulo, ndipo mnyamata uja saweruka asanawajambule.